Kuwerenga bilu ya magetsi gawo ndi gawo: ndalama yokhazikika, mayunitsi, msonkho ndi malevi

Bilu ya magetsi ikafika, ambiri amangoyang'ana nambala ya pansi penipeni. Akaona kuti yakwera amati mita yaonongeka kapena mtengo wakwera. Mwina ndi zoona, koma nambala ya pansiyo payokha siingakuuzeni chomwe chachitika. Imapangidwa ndi zinthu zingapo, ndipo chilichonse chimakwera kapena kutsika pa chifukwa chake. China chimadalira magetsi amene mwagwiritsa ntchito. China chimakhalapo ngakhale mutathimitsa zonse mwezi wathunthu. China ndi cha boma, ndipo china ndi ngongole ya mmbuyo yomwe siikukhudza mwezi uno. Ngati simunazilekanitse, mudzakadandaula pa chinthu cholakwika, kapena mudzalipira zomwe simunayenere kulipira.

Bilu yomwe tikunena ndi ya mita yolipira mukatha kugwiritsa ntchito magetsi, osati mita yogulira mayunitsi. Nyumba zambiri m'Malawi muno zinasamukira ku mita zogulira mayunitsi, koma mabilu a pamwezi akadalipo pa zigayo zina, masukulu, zipatala, malo ogona alendo, mafakitale ndi nyumba zina zakale. Tigwiritsa ntchito chitsanzo cha chigayo chimodzi mpaka kumapeto. Mitengo ya m'chitsanzochi taisankha kuti masamu asavute, si mitengo ya ESCOM ya lero. Powerengera bilu yanu, tengani mitengo yomwe yalembedwa pa biluyo ndi pa ndandanda ya mitengo yomwe ikugwira ntchito.

Chotsani kaye ngongole ya mmbuyo

Musanakhudze za magetsi, patulani za mwezi uno ndi za mmbuyo. Pa bilu pamakhala ndalama yomwe inatsala pa bilu yapitayo, yolembedwa ndi mawu ngati `Balance b/f`, kenako ndalama zomwe mwalipira kuchokera nthawi imeneyo, kenako zolipira zatsopano. Nambala ya pansi imapezeka pochotsa zomwe mwalipira pa ngongole yakale, n'kuphatikizapo zatsopanozo.

Tinene kuti bilu ya chigayo chathu ikufuna K657,650. Mwiniwake akudabwa chifukwa mwezi uliwonse amalipira ndalama zosafika theka la miliyoni. Akayang'ana mizere ya pamwamba apeza kuti K180,000 ndi yotsala ya bilu yapitayo, ndipo ya mwezi uno ndi K477,650 yokha. Zikatero mita ilibe mlandu. Chofunika kudziwa n'chakuti K180,000 ija inalipiridwa kapena ayi. Ngati inalipiridwa bilu itasindikizidwa kale, idzaoneka pa bilu yotsatira ndipo palibe chodandaula. Ngati inalipiridwa tsikulo lisanafike koma siikuoneka, yang'anani nambala ya akaunti pa risiti. Ndalama yolipira kudzera ku banki kapena pa foni imatha kulowa mu akaunti ya munthu wina chifukwa cha nambala imodzi yolakwika, ndipo imabwezedwa mukaonetsa risiti. Nambala yokhala ndi `CR` pambali kapena chizindikiro chochotsera si ngongole, ndi ndalama zanu zomwe zatsala mu akaunti.

Kuyambira pano tikukamba za K477,650 yokha.

Mtengo wa mayunitsi

Ili ndi gawo lalikulu pa mabilu ambiri, ndiponso ndi lomwe limalakwika kawirikawiri, choncho tikhalitsapo.

Yunitsi imodzi ndi kWh imodzi, magetsi omwe chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi. Mita imawerenga mayunitsi mopitiriza kuyambira tsiku lomwe inaikidwa, siyambiranso pa ziro mwezi ukatha. N'chifukwa chake pa bilu pali manambala awiri, yomwe inawerengedwa ulendo wapitawo ndi yomwe yawerengedwa tsopano. Kusiyana kwake ndiwo mayunitsi a mwezi uno.

```
49,770 − 48,210 = 1,560 kWh
1,560 × K250 = K390,000
```

Masamu awa savuta. Cholakwika chimabisala m'manambala omwe alowa m'masamuwo. Yambani ndi nambala ya mita yeniyeniyo: yomwe yalembedwa pa bilu ifanane ndi yomwe ili pa mita ya pakhoma panu. Pa malo pomwe mita zingapo zili m'bokosi limodzi, monga pa mashopu ondondozana, n'zotheka kulipirira mnzanu miyezi ingapo osadziwa. Kenako tengani bilu ya mwezi watha. Nambala yomwe inali yatsopano pa bilu imeneyo ikhale yomwe yalembedwa ngati yakale pa bilu ya mwezi uno. Ngati yapitayo inathera pa 48,210 koma ya mwezi uno yayambira pa 47,900, pali mayunitsi 310 omwe mukulipira kawiri.

Tsopano pitani pa mita mukawerenge nokha. Mita siibwerera mmbuyo, choncho nambala ya lero iyenera kuposa 49,770, ndipo kuposako kugwirizane ndi masiku omwe adutsa. Chigayo chodya mayunitsi pafupifupi 60 pa tsiku la ntchito, patadutsa masiku 5 a ntchito, chiyenera kuonetsa pafupifupi 50,070. Ngati mita ikuonetsa nambala yochepera yomwe ili pa bilu, biluyo ndi yolakwika, ndipo umboni wake uli pakhoma panu. Samalani ndi nambala yomaliza pa mita zakale zozungulira, yomwe imakhala m'kabokosi kofiira kapena kuseri kwa kadontho. Imeneyo ndi tizigawo ta yunitsi. Ikawerengedwa ngati nambala yathunthu, mayunitsi amachuluka kakhumi. Mita zamagalasi zimasinthasintha zomwe zikuonetsa, tsiku, mavoti, kVA ndi zina, ndiye dikirani mpaka paoneke nambala yokhala ndi `kWh` pambali.

Pali njira ina yoyesera ngati mayunitsi ali omveka, yosadalira mita konse. Chigayo chathu chili ndi mota ya 15 kW, ndiko kuti mawati 15,000. Mota siidya mofanana nthawi zonse: chimanga chikathiridwa imakoka kwambiri, ikamazungulira yopanda kanthu imakoka pang'ono. Titenge pakatikati, 12 kW. Ikagwira maola 5 pa tsiku kwa masiku 26, ndiye 12 kuchulukitsa ndi 5, kuchulukitsa ndi 26, zomwe ndi 1,560, ndipo bilu ikugwirizana ndi ntchito. Koma itanena mayunitsi 4,000, ndiye kuti motayo inkagwira maola pafupifupi 13 tsiku lililonse la ntchito. Mwini chigayo amadziwa ngati zinali choncho, ndipo buku la ndalama zolowa limamuuza.

Bilu yongoyerekeza

Si mwezi uliwonse womwe mita imawerengedwa. Geti ikakhala yokhoma, agalu akakhala osamanga, kapena wowerenga akapanda kufika, kompyuta imaika nambala yongoyerekeza potengera momwe mwakhala mukugwiritsira ntchito magetsi. Mabilu amakhala ndi chizindikiro chosonyeza ngati nambala ili yowerengedwa kapena yoyerekeza, nthawi zambiri chilembo kapena mawu pafupi ndi nambalayo. Chipezeni pa bilu yanu.

Kwa nyumba yomwe imadya magetsi mofanana chaka chonse, kuyerekeza sikuononga zambiri. Kwa chigayo n'koopsa, chifukwa ntchito yake imayenda ndi nyengo. Miyezi yokolola ikadutsa anthu amabwera ndi matumba, koma pofika Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitatha. Tinene kuti m'mwezi wa njala chigayo chadya mayunitsi 400 okha, mita yafika pa 50,170. Wowerenga sanabwere, kompyuta yayerekeza mayunitsi 1,500 n'kulemba 51,270. Pali mayunitsi 1,100 omwe sanadutse pa mita. Pa mtengo wathu, kuphatikizapo msonkho, ndi K320,375, ndipo ikufunidwa m'mwezi womwe ndalama siikulowa. Ndalamayo siitayika, chifukwa mita ikadzawerengedwa zoona akaunti imakonzedwa, koma pakadali pano mwini chigayo wakongoza kampani ya magetsi popanda chiwongoladzanja, ndipo akalephera kulipira akhoza kudulidwa pa ngongole ya magetsi omwe sanagwiritse ntchito.

Kuyerekeza kochepa nako kuli ndi vuto lake. Miyezi itatu ikayerekezedwa motsika, bilu yachinayi imabwera ndi mayunitsi onse otsala pakamodzi, ndipo imaoneka ngati mita yachita misala. Mayunitsiwo ndi oona, munawagwiritsadi ntchito. Choyenera kufunsa ndi mtengo womwe awerengetsera. Ngati mitengo inakwera m'kati mwa miyezi imeneyo, mayunitsi omwe munadya kale mitengo isanakwere sayenera kuwerengedwa onse pa mtengo watsopano.

Pamenepa mpomwe masiku a bilu amafunikira. Bilu siyendera mwezi wa pa kalendala, imayendera tsiku lowerenga mita kufika tsiku lowerenganso. Bilu ya masiku 36 idzaposa ya masiku 27 ngakhale ntchito ili yofanana. Poyerekeza mabilu awiri, gawani mayunitsi ndi masiku, muyerekeze mayunitsi a pa tsiku. Mtengo ukasintha m'kati mwa nthawi ya bilu, mayunitsi amagawidwa potengera masiku. Tinene kuti bilu yathu ndi ya masiku 30, ndipo patadutsa masiku 12 mtengo unachoka pa K250 kufika pa K290. Masiku 12 oyambawo atenga mayunitsi 624, masiku 18 otsalawo atenga 936.

```
624 × K250 = K156,000
936 × K290 = K271,440
```

Zonse pamodzi ndi K427,440. Mayunitsi onse 1,560 atawerengedwa pa K290 ikanakhala K452,400, kusiyana kwa K24,960 msonkho usanalowepo. Ndiye mukaona mizere iwiri ya mayunitsi pa bilu imodzi, musafulumire kuganiza kuti mwalipiritsidwa kawiri. Phatikizani mayunitsi a mizere iwiriyo, afanane ndi kusiyana kwa manambala a mita. Mizere iwiri imabweranso mita ikasinthidwa m'kati mwa mwezi, umodzi wa mita yakale, wina wa yatsopano. Tsiku losintha mita, jambulani nambala yomaliza ya mita yakale asanaichotse, chifukwa ikachoka palibenso poitsimikizira.

Nambala yochulukitsira

Malo okoka magetsi ambiri sadutsitsa magetsi onse m'mita. Pa mawaya amaikapo timathiransifoma tating'ono, totchedwa CT, tomwe timatumiza ku mita kagawo kochepa chabe. Ngati pa CT palembedwa `200/5`, mita ikuona gawo limodzi mwa magawo 40, ndiye kusiyana kwa manambala a mita kumachulukitsidwa ndi 40. Mita itasuntha ndi 39 yokha, mayunitsi olipira ndi 1,560. Mita zina zamakono zimachulukitsa zokha m'kati, ndipo pa bilu nambala yochulukitsira imakhala 1.

Cholakwika cha apa chimapweteka chifukwa chimabwerezeka mwezi ndi mwezi osaoneka. Ngati pakhoma pali CT ya `100/5`, yomwe nambala yake ndi 20, koma mu akaunti munalembedwa 40, mayunitsi a bilu iliyonse amabwera kawiri kuposa zoona, chonsecho manambala a mita ali olondola. Kuwerenga mita nokha sikungakuonetseni vuto limeneli. Limaoneka ndi masamu a mota ndi maola aja. Bokosi la mita ndi ma CT lili ndi zomatira za kampani ndipo muli magetsi opha, choncho musatsegule nokha, pemphani kuti adzayang'ane inu mulipo.

Ndalama yokhazikika

Pa bilu yathu pali mzere wa K20,000 womwe sukhudzana ndi mayunitsi, wolembedwa mawu ngati `Fixed charge`. Ndi ndalama yolipirira kukhala wolumikizidwa: mita, waya, kuwerenga, kusindikiza bilu ndi kusunga akaunti. Imabwera chigayo chigwire kapena chisagwire, ndipo kuthimathima kwa magetsi sikuichepetsa. Kukwiya nayo m'mwezi womwe magetsi avuta n'komveka, koma si cholakwika cha pa bilu.

Kukula kwake kumadalira gulu lomwe akaunti yanu ili. ESCOM imagawa makasitomala m'magulu okhala ndi zilembo `ET` ndi nambala, potengera ngati malowo ndi nyumba yokhalamo kapena a bizinesi, ngati magetsi ndi a fezi imodzi kapena a mafezi atatu, ngati mita ndi yogulira mayunitsi kapena ya bilu, komanso ngati muli m'gulu la okoka magetsi ambiri. Gululi limasankha zonse ziwiri, ndalama yokhazikika ndi mtengo wa yunitsi. Pezani gulu lanu pa bilu, mulifananize ndi ndandanda ya mitengo. Nyumba yomwe kale inali shopu imatha kukhalabe pa mtengo wa bizinesi zaka zambiri chifukwa palibe anakasinthitsa. Mbali inanso ilipo: amene akuchita bizinesi pa akaunti ya nyumba, zikadziwika akhoza kufunidwa ndalama za mmbuyo.

Ndalama yokhazikika ndiyo imasokoneza anthu omwe amagawa bilu yonse ndi mayunitsi n'kunena kuti apeza mtengo wa yunitsi. M'mwezi wa mayunitsi 1,560, K477,650 ikagawidwa imapereka pafupifupi K306 pa yunitsi. M'mwezi wa mayunitsi 400 bilu yonse ndi K139,800, yomwe ikagawidwa ndi pafupifupi K350 pa yunitsi. Munthu angalumbire kuti mtengo wakwera, koma sunasinthe. K20,000 yomweyo yangogwera pa mayunitsi ochepa. Kwa wokonza mtengo wogayitsira ndowa imodzi, ndi bwino kusunga manambala awiri osiyana. Yunitsi iliyonse yowonjezera imadya K291.25, msonkho uli momwemo. Ndipo pali K23,300, ndalama yokhazikika ndi msonkho wake, yomwe iyenera kupezeka mwezi uliwonse ngati lendi.

Makasitomala akuluakulu, monga mafakitale ndi zigayo zazikulu, ali ndi mizere ina pakati pa ndalama yokhazikika ndi mayunitsi. Amalipira pa kVA, ndiko kuti mphamvu yomwe amakoka pa nthawi imodzi. Mzere umodzi umatengera kVA zomwe kasitomala ananena kuti adzazifuna m'chakacho, ndipo susintha mpaka atasinthitsa pangano. Wina umatengera kVA zapamwamba zomwe mita inajambula m'mweziwo. Mita yotere imatenga kukoka kwa pakatikati pa kanthawi kochepa, nthawi zambiri mphindi 30, n'kusunga kwakukulu koposa. Makina onse akagwira limodzi kwa theka la ola tsiku limodzi lokha, mzere umenewu wa mwezi wonse wakwera, ngakhale mayunitsi asasinthe kwenikweni. Mamota amakokanso kVA zochuluka kuposa kW zomwe akugwiritsa ntchito: malo ofuna 80 kW amatha kukoka 100 kVA, koma ataika makapasita oyenera, zipangizo zochepetsa kukoka kowonjezeraku, amatsika kufika pafupifupi 84 kVA pa ntchito yomweyo. Mayunitsi a makasitomala amenewa amagawidwanso pawiri, a maola omwe magetsi akufunidwa kwambiri, m'mawa ndi madzulo a masiku a ntchito, omwe ndi okwera mtengo, ndi a maola ena onse. Pa bilu yotere, kuchepetsa mayunitsi si njira yokhayo yotsitsira ndalama.

Msonkho

Msonkho womwe umaoneka pa bilu ndi VAT. Si ndalama ya kampani ya magetsi, imangotolera n'kupereka ku MRA. Kwa zaka zambiri VAT m'Malawi inali 16.5 peresenti, ndipo ndiyo tagwiritsa ntchito m'chitsanzo chathu, koma boma limaisintha kudzera mu bajeti, ndiye tengani yomwe ikugwira ntchito pa masiku a bilu yanu. Imawerengedwa pa zolipira za mwezi uno, mayunitsi ndi ndalama yokhazikika pamodzi.

```
K390,000 + K20,000 = K410,000
K410,000 × 0.165 = K67,650
K410,000 + K67,650 = K477,650
```

Pali kanjira kothandiza kwambiri apa. Tengani ndalama ya VAT yomwe yalembedwa, muigawe ndi peresenti yake, ndipo mupeza ndalama yomwe msonkhowo wawerengedwapo. K67,650 kugawa ndi 0.165 ndi K410,000, ndiye zikugwirizana. Yankho likaposa zolipira za mwezi uno, pali china chomwe chalowa m'masamuwo, ndipo muyenera kuchipeza. Chimodzi chosayenera kulowamo ndi ngongole ya mmbuyo. K180,000 ija inali kale ndi VAT yake pa bilu yapitayo, siingadulidwenso msonkho kachiwiri.

Poyerekeza mtengo wa pa bilu ndi womwe mwaumva pa wailesi kapena kuuwerenga m'nyuzipepala, onetsetsani ngati wolengezedwawo uli ndi VAT kapena ulibe. K250 ndi K291.25 ndi mtengo umodzi womwewo, wina msonkho usanalowe, wina utalowa. Bizinesi yolembetsa VAT, yomwe katundu wake amadulidwa msonkhowu, imatha kuchotsa VAT ya magetsi pa yomwe ikupereka ku MRA, koma bilu iyenera kukhala m'dzina la bizinesiyo. Wochita lendi yemwe akulipirabe pa akaunti ya mwini nyumba amataya mwayi umenewu mwezi uliwonse.

Malevi

Levi imasiyana ndi msonkho pa komwe imapita. VAT imalowa m'thumba lalikulu la boma, pomwe levi ili ndi ntchito imodzi yomwe lamulo linaipatsa. Pa magetsi m'Malawi pali malevi awiri odziwika, onse ochokera ku malamulo a za mphamvu a 2004. Yoyamba ndi ya 4.5 peresenti, yomwe imalowa m'thumba lofikitsira magetsi kumidzi kudzera mu ndondomeko ya MAREP. Yachiwiri ndi ya 1 peresenti, yoyendetsera ntchito za MERA, bungwe lomwe limavomereza mitengo ya magetsi. 

Levi ingakhale pa bilu m'njira ziwiri, ndipo kusazindikira njira yomwe bilu yanu ikutsata kumabweretsa mikangano yosafunika. Njira yoyamba, levi ili kale m'kati mwa mtengo womwe unavomerezedwa, ndipo siioneka ngati mzere wowonjezera. Bilu yathu ya K477,650 ndi yotere. Pa K410,000 ija, pafupifupi K18,450 ndi ya magetsi a kumidzi ndipo pafupifupi K4,100 ndi ya MERA, koma simuziphatikizanso pamwamba. Njira yachiwiri, levi iliyonse ili ndi mzere wake, ndipo imaphatikizidwa pa mayunitsi ndi ndalama yokhazikika. Kuti mudziwe, phatikizani mayunitsi, ndalama yokhazikika ndi VAT. Zikakwana ndalama ya mwezi uno, malevi ali m'kati, ngakhale atalembedwa penapake pa pepalalo pongokudziwitsani. Zikaperewera, choperewera chifanane ndi mizere ya malevi.

Pa bilu ya njira yachiwiri, kanjira kogawa VAT kaja kakuuzaninso ngati msonkho wadulidwa malevi atalowa kale. Ndi manambala athu, VAT ya K67,650 ikutanthauza kuti malevi sanalowe m'masamu a msonkho, pomwe ya pafupifupi K71,371 ikutanthauza kuti yawerengedwa pa K432,550, malevi ali momwemo.

Popeza VAT ndi malevi ndi maperesenti, siziyambitsa kukwera kwa bilu pazokha pokhapokha peresentiyo itasintha. Zimangotsatira zomwe zili pamwamba pake. Mayunitsi akalakwika ndi K100,000, VAT imalakwika ndi K16,500. Ndiye bilu ikakonzedwa, onetsetsani kuti ndalama yobwezedwa ili ndi msonkho wake, osati mtengo wa mayunitsi wokha.

Mtengo wa yunitsi ukakwera

Zikapezeka kuti mayunitsi ndi olondola, gulu ndi lolondola, koma mtengo wa yunitsi ndi wokwera kuposa wa bilu yapitayo, ndiye kuti mitengo yasintha, ndipo wa pa kauntala sangakutsitsireni. ESCOM siikweza mitengo payokha, imapempha ndipo MERA ndiyo imavomereza. Pali kukwera kokonzedweratu kwa zaka zinayi, monga komwe kunavomerezedwa mu 2023, kwa 50.8 peresenti mogawidwa mpaka 2027, kuyamba ndi 18 peresenti mu Seputembala 2023. Palinso kusintha komwe kumatsatira mphamvu ya kwacha ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu. M'mtengo wa yunitsi mulinso ndalama yogulira magetsiwo, poti kuyambira 2017 ntchito yopanga magetsi inapita ku EGENCO, ndipo ESCOM imagula kwa iwo ndi kwa makampani ena. Peresenti yomwe imalengezedwa imakhala ya pakatikati pa magulu onse, choncho gulu lanu likhoza kukwera mopitirira kapena mochepera. Chomwe mungatsutse pa bilu ndi tsiku lomwe mtengo watsopano wayambira kuwerengedwa ndi gulu lomwe mwaikidwa.

Pokadandaula

Dandaulo lonena kuti bilu yakwera kwambiri silipita patali, chifukwa wolandira alibe poyambira. Lomwe limayenda ndi lotchula mzere: bilu ya tsiku lakuti ikunena 51,270, mita lero ikuonetsa 50,170, chithunzi ndi ichi. Chithunzicho chionetse nambala ya mayunitsi ndi nambala ya mita pamodzi. Tengani mabilu atatu apitawo ndi marisiti ake, lembani kalata, ndipo kope lanu lidindidwe kapena mupatsidwe nambala ya dandaulo. Werengerani nokha ndalama yomwe simukuitsutsa, mayunitsi enieni, ndalama yokhazikika ndi msonkho wake, ndipo muilipire tsiku lomaliza lisanafike. Pa chitsanzo cha mwezi wa njala chija ndi K139,800. Kusalipira kalikonse podikira yankho kumasandutsa akaunti yonse kukhala ya ngongole, ndipo magetsi akadulidwa pamabwera ndalama ina yolumikiziranso. Kupempha kuti mita ikayesedwe kukhale komaliza, mutathana ndi manambala, kuyerekeza, masiku ndi nambala yochulukitsira, chifukwa mabilu ambiri olakwika amachokera ku zimenezi, mita ili bwinobwino. ESCOM ikapanda kuthetsa nkhaniyo, MERA imalandira madandaulo a ogwiritsa ntchito magetsi, ndipo idzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku ESCOM, choncho kope lodindidwa lija lisungeni pamodzi ndi mabilu.